Ukwati wa Ankhoswe ndi Ukwati wa ku Khonsolo: Khoti Liti Lidzakumverani Banja Likagwedezeka?

Maukwati ambiri a mu Chipata masiku ano amamangidwa kawiri kapena katatu. Poyamba ankhoswe amakumana, mbale zimayenda, chimalo kapena malowolo nkuperekedwa. Kenaka limabwera tsiku la ku tchalitchi, la mphete ndi nthungululu, ndipo ena amapitanso kukasaina ku khonsolo. Kwa achibale zonsezi ndi ukwati umodzi. Koma malamulo a Zambia amadziwa mitundu iwiri ya ukwati, wa mwambo ndi wolembetsa pansi pa Lamulo la Maukwati, Chaputala 50, ndipo banja lililonse lovomerezeka limagwera mbali imodzi mwa ziwirizi, kaya eni ake akudziwa kapena ayi. Mbali imene muli ndiyo imanena khoti limene lingathetse ukwati wanu, zifukwa zimene lingamvere, ngati mwamuna angatenge mkazi wachiwiri, ndiponso amene adzatchedwe wamasiye tsiku la maliro.

Maukwati onse awiri ndi enieni pamaso pa lamulo. Ndikunena izi poyamba chifukwa pali amayi ambiri amene amauzidwa kuti poti sanasainitse ku khonsolo, ndiye kuti akungokhala nawo bambowo. Limeneli ndi bodza. Lamulo la Maukwati lenilenilo limanena kuti silikhudza kuvomerezeka kwa ukwati womangidwa motsatira mwambo. Vuto la ukwati wa mwambo si kuchepa mphamvu ayi. Vuto lake ndi umboni.

Tiyeni titenge banja limodzi longoyerekeza, tiyende nalo. Bambo ndi mphunzitsi, Mngoni wa m'dera la Mpezeni. Mayi ndi Mchewa wa ku Katete, amagulitsa salaula pa msika wa Kapata. Akhala limodzi zaka 14, ali ndi ana atatu. Anamanga nyumba ku Mchini, koma mapepala a puloti ali m'dzina la bambo yekha, ngakhale kuti malata ndi simenti yambiri zinagulidwa ndi ndalama za salaula. Kumudzi kwa bambo kuli munda ndi ng'ombe zingapo. Tsopano bambo wapeza mkazi wina ku Chadiza ndipo wayamba kale kutumiza anthu kwa makolo ake. Mayi akufuna kudziwa pamene aima. Yankho lake silingaperekedwe tisanadziwe zimene zinachitika zaka 14 zapitazo.

Ngati unali wa ankhoswe okha

Ukwati wa mwambo ulibe lamulo limodzi lolembedwa lonena kuti uzimangidwa motere. Khoti limafunsa kuti mwambo wa anthu amenewa umafuna chiyani, ndipo kodi zimenezo zinachitika? Kuno ku Chigawo cha Kum'mawa yankho limasiyana mukangoyenda makilomita ochepa. Kwa Angoni, amene amatsata kuchimuna, nkhani imagona pa malowolo, kale ng'ombe, lero kawirikawiri ndalama zowerengedwa pa mtengo wa ng'ombe. Kwa Achewa a Kalonga Gawa Undi ndi Ansenga a ku Petauke, amene amatsata kuchikazi, cholipira chinali chochepa kuyambira kale, ndipo mphamvu ya ukwati inali mwa ankhoswe ndi kuvomereza kwa mbumba ya mkazi, mkamwini nkukhala pachikamwini kapena kupempha chitengwa. Pamene mwamuna ndi mkazi ndi a mitundu yosiyana, monga banja lathuli, kawirikawiri mwambo umene umatsatidwa ndi wa kwa mkazi, chifukwa ndi kumene mwamuna anakagogoda.

Zinthu zimene khoti limafufuza zimabwerera pa mfundo zochepa: kodi awiriwo anavomera, kodi makolo kapena achibale a mkazi anavomera, kodi chimene mwambo umafuna kuti chiperekedwe chinaperekedwa kapena kugwirizanidwa, ndipo kodi mkazi anaperekedwa kwa mwamuna monga mwa mwambo. Nchifukwa chake nkhoswe ndi mboni yofunika kuposa chithunzi chilichonse cha pa phwando. Ndalama ya dameji, imene mwamuna amalipira atapereka mimba, si malowolo. Mabanja ambiri amasokoneza zimenezi. Mnyamata amalipira dameji, mtsikana nkusamukira kwa iye, zaka nkupita, aliyense nkumawatcha bambo ndi mayi a pakhomo, koma ankhoswe sanakhalepo pansi kuti amange ukwati.

Kukhala limodzi zaka zambiri sikusanduka ukwati pakokha. Supulimu Khoti inatsimikiza zimenezi mu 2007 pa mlandu wa Mafemba ndi Sitali. Mwamuna anakhala ndi mkazi zaka zambiri, anabereka naye ana, ndipo mkaziyo atamwalira iye anafuna kuonedwa ngati mwamuna wamasiye. Khoti linapeza kuti zofunika za mwambo wa Chilozi sizinachitike, choncho panalibe ukwati. Mlanduwo unali wa Alozi, koma mfundo yake imagwira ntchito ku Nabvutika ndi ku Magazine chimodzimodzi. Amene mukukhala m'nyumba pa lonjezo lakuti "tidzakaonekera chaka chamawa", dziwani kuti lamulo silimawerenga zaka zimenezo.

Tinene kuti kwa banja lathu zonse zinachitika bwino: ankhoswe alipo, malowolo anaperekedwa. Pamenepo mayi uja akumana ndi nkhani yowawa. Ukwati wa mwambo umalola mitala. Bambo akatenga mkazi wachiwiri motsatira mwambo, sanaphwanye lamulo la boma, ndipo mkazi wachiwiriyo ndi mkazi weniweni. Mayi angathe kudandaula kuti sanauzidwe monga mwambo umafunira, kuti bambo waleka kusamalira nyumba, kapena kuti iye mitala sangaipirire, ndipo zimenezi zingakhale zifukwa zothetsera ukwati. Koma sangamumangitse.

Khoti lake ndi Lokolo Khoti, limene limayenda ndi lamulo la Chaputala 29. Kumeneko mayi amapita yekha kwa kalaliki, amalipira kandalama ka samani, bambo nkuitanidwa. Mlandu umakambidwa m'Chinyanja. Maloya saloledwa kuimira anthu pa milandu yotere, choncho aliyense amadzilankhulira, ndipo oweruza amafunsa mafunso okha. Kawirikawiri funso loyamba limakhala lakuti ankhoswe anayesapo kuyanjanitsa kapena ayi, ndipo ngati sanayesepo, nkhani ingabwezedwe kwa iwo. Palibe mndandanda wolembedwa wa zifukwa zothetsera ukwati. Nkhanza, chigololo, kusasamala banja, kuthawa pakhomo, kusamvana kosatha, zonse zimamvedwa malinga ndi mwambo. Khotili limagwiritsa ntchito mwambo pokhapokha ngati sukutsutsana ndi chilungamo, chikhalidwe chabwino kapena lamulo lolembedwa. Mlandu ungathe m'masabata ochepa, ndipo potuluka munthu amatenga setifiketi yothetsa ukwati.

Kufulumira ndi kutchipa kumeneku ndi ubwino weniweni, ndipo sindigwirizana ndi ophunzira ena amene amanyoza Lokolo Khoti ngati bwalo la anthu osadziwa. Kwa mayi wa ku Vubwi amene alibe ndalama ya loya, khoti limeneli ndilo chilungamo chokhacho chimene angachifikire. Koma lili ndi malire ake. Lingalamule kuti wosudzulidwa azipatsidwa chithandizo, koma kwa nthawi yosapitirira zaka 3 kuchokera tsiku losudzulana, kapena mpaka atakwatiwanso ngati zimenezo zachitika msanga. Ndipo poti mwambo sunalembedwe, zigamulo zimasiyana kwambiri. Milandu iwiri yofanana ingathe mosiyana ku Katete ndi ku Lundazi.

Nyumba ya ku Mchini

Apa mpamene pagona nkhani yaikulu, ndipo malamulo asintha kwambiri pa zaka makumi angapo zapitazi. Mu 1977, pa mlandu wa Mwiya ndi Mwiya, Hayi Khoti inagamula kuti mwambo wa Chilozi sukakamiza mwamuna kugawana katundu ndi mkazi wosudzulidwa kapena kumusamalira, ndipo inasiya zinthu choncho. Kwa zaka zambiri maganizo amenewa ndiwo analamulira: mkazi wa mwambo amatuluka ndi mapoto, zovala ndi zimene anagula yekha.

Zinthu zinatembenuka mu 2000 pa mlandu wa Chibwe ndi Chibwe. Awiriwa anakwatirana mu 1977 pa mwambo wa Chiushi, mwamuna anali wamalonda wa chuma chambiri ku Mufulira, ndipo mlandu unayambira ku Lokolo Khoti nkukwera mpaka ku Supulimu Khoti. Khoti lalikululo linati mkazi amene wathandiza banja, kaya ndi ndalama kaya ndi ntchito za pakhomo monga kulera ana ndi kusunga nyumba, ayenera kulandira gawo loyenera la chuma chopezedwa m'banjamo, ndipo linalamula kuti apatsidwe chimodzi mwa zinthu zobweretsa ndalama. Pali kanthu kamene anthu amaiwala akamatchula mlanduwu. Khoti silinanene kuti chuma chizigawidwa pakati ndi pakati nthawi zonse, ndipo linatsamiranso pa mfundo yakuti mwambo wa Chiushi womwewo umamupatsa mkazi gawo. Komabe kuyambira pamenepo mawu akuti "nyumba ili m'dzina langa" analeka kukhala mapeto a nkhani.

Choncho mayi wa salaula ali ndi poimira. Ayenera kupempha poyera kuti khoti ligawe katundu, asangoti ukwati uthe basi, ndipo abwere ndi umboni: malisiti a malata ngati alipo, buku la chilimba kapena la banki ya m'mudzi losonyeza ngongole imene anatenga nthawi yomanga, mmisiri amene ankalandira malipiro kuchokera m'manja mwake. Khoti lingalamule kuti nyumba igulitsidwe ndalama zigawidwe, kapena kuti mmodzi amulipire mnzake gawo lake, kapena kuti mayi akhalemo ndi ana. Chimene chimachitika kawirikawiri nchakuti Lokolo Khoti imalamula chipukuta misozi cholipidwa pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndalama imene poiyerekeza ndi mtengo wa nyumba ndi yochepa kwambiri, ndipo mayi amavomera poganiza kuti khoti likanena latha.

Silinathe. Pali apilo ku khoti la majisitireti, ndipo iyenera kulowa pasanathe masiku 30 chigamulo chitaperekedwa. Kumeneko mlandu ungamvedwenso kuyambira pachiyambi, mboni nkuitanidwanso, ndipo loya amaloledwa. Kuchokera apo njira imapita ku Hayi Khoti, ku Khoti la Apilo limene linakhazikitsidwa mu 2016, mpaka ku Supulimu Khoti. Ukwati umakhalabe wa mwambo ngakhale mlandu utakwera chotere. Kusiyana kwake nkwakuti m'makhoti apamwambawa mwambo suyesedwa chinthu chodziwika kale. Ngati pali mkangano wakuti Angoni kapena Achewa amachita bwanji, pamafunika mboni zodziwa mwambowo kapena akuluakulu okhala pambali pa woweruza kuti amuunikire. Masiku 30 aja ndiwo amagwetsa anthu ambiri. Munthu amatha mwezi woyamba akulira ndi kufunsa achibale, pofika kwa odziwa malamulo nthawi yadutsa, ndipo ayenera kuyamba wapempha chilolezo chochita apilo mochedwa.

Munda wa kumudzi ndi nkhani ina. Malo a mwambo ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja, alibe taitolo, ndipo khoti silingawadule pakati ngati puloti ya m'tauni. Mkazi wa chitengwa ukwati ukatha amasiya munda wa kwa mwamuna, monga momwe mkamwini amasiyira munda wa kuchikamwini. Chimene angapemphe ndi gawo la zokolola, la ng'ombe zogulidwa ali m'banja, kapena mtengo wa zimene anamanga. Ng'ombe zimene bambo analandira kwa atate ake asanakwatire, kapena zimene akungosungira banja lawo, sizilowa m'gulu la chuma chopeza limodzi.

Ngati anasaina pansi pa Chaputala 50

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi chokha. Tinene kuti malowolo ataperekedwa, awiriwa anapita kwa Rejisitala wa maukwati ku khonsolo. Njira yake ndi yodziwika. Mmodzi amapereka chidziwitso chakuti akufuna kukwatirana, chidziwitsocho chimakhomedwa poonekera masiku 21 kuti amene ali ndi chifukwa choletsera anene, kenaka Rejisitala amapereka setifiketi yololeza, ndipo ukwati uyenera kuchitika pasanathe miyezi 3 kuchokera tsiku la chidziwitso. Munthu amalumbira kuti palibe choletsa, kuphatikizapo kuti alibe ukwati wa mwambo ndi munthu wina. Amene sanakwane zaka 21 amafunika chilolezo cholembedwa cha kholo kapena womulera. Ukwatiwo umamangidwa mu ofesi ya Rejisitala kapena m'tchalitchi chololedwa, pamaso pa mboni zosachepera ziwiri, zitseko zili zotsegula. Pa zofunika zonsezi malowolo mulibe. Lamuloli silimafunsa ngati anaperekedwa.

Anthu okwatirana kale pa mwambo amaloledwa kukwatirananso okhaokha pansi pa lamuloli, malinga ngati mwamuna alibe mkazi wina wa mwambo. Akangotero, ukwati wawo umakhala wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, ndipo njira yobwerera kumbuyo palibe. Gawo 34 limanena kuti munthu wokwatira pansi pa lamuloli sangamange ukwati wina wovomerezeka wa mwambo ukwati woyambawo ukadalipo. Gawo 38 limauyesa mchitidwewo mlandu wa chilango chofika zaka 5 m'ndende, ndipo chilango chomwecho chimagwera amene akwatira ku khonsolo ali ndi mkazi wina wa mwambo kumudzi. Zachiwirizi zimachitika kwambiri kuposa mmene timavomerezera: mnyamata anakwatira kumudzi asanapite ku koleji, wapeza ntchito m'tauni, nkukalumbira kwa Rejisitala kuti ndi mbeta. Ukwati wa m'tauniwo, ndi keke yake yonse, ngwopanda mphamvu, ndipo mkazi weniweni ndi uja anasiyidwa kumudzi.

Kwa banja lathu, ndiye kuti mphunzitsi uja ngakhale atapereka ng'ombe khumi ku Chadiza, mkazi wa kumeneko sakhala mkazi wake pamaso pa lamulo. Ankhoswe amene akuyendetsa nkhaniyo akumanga chinthu chimene khoti silidzachizindikira.

Ukwati woterewu Lokolo Khoti ilibe mphamvu youthetsa. Ankhoswe sangauthetse, mfumu singauthetse, kubweza malowolo sikuuthetsa. Ndi Hayi Khoti yokha, motsatira Lamulo la Milandu ya Maukwati la nambala 20 la 2007, limene limanena lokha kuti silikhudza maukwati a mwambo. Apa anthu amagwa m'mbuna kawirikawiri. Banja la ku khonsolo limapita ku Lokolo Khoti chifukwa ndi kufupi ndiponso kotchipa, osatchula za setifiketi ya khonsolo, nkutuluka ndi pepala losudzulana. Pepalalo ndi lopanda ntchito. Awiriwo akadali pa ukwati, ndipo amene akwatirenso akudziika pa mlandu, komanso akusiyira mnzake watsopanoyo mavuto a tsiku la imfa.

Ku Hayi Khoti chifukwa chothetsera ukwati ndi chimodzi chokha, chakuti ukwati wasweka moti sungakonzekenso. Koma kusweka kumeneko kuyenera kutsimikizidwa ndi imodzi mwa njira zisanu zimene lamulo linatchula. Mnzako wachita chigololo ndipo iwe sungapirire kukhala naye, kapena khalidwe lake lafika poti sungayembekezeredwe kukhala naye, kapena wakuthawa kwa zaka 2 zotsatizana. Njira ziwiri zotsalazo ndi za kupatukana: zaka 2 ngati winayo akuvomera kusudzulana, zaka 5 ngati akukana. Pempho sililoledwa chaka choyamba cha ukwati chisanathe. Mayi uja angaime pa chigololo kapena pa khalidwe, ndipo nkhani ya ku Chadiza ndi umboni wokwanira bwino. Woweruza akakhutira amapereka chigamulo choyamba, chimene sichinamasule munthu, ndipo pakapita masabata 6 ndi pamene chingatsimikizidwe kukhala chomaliza. Amene akwatira pakati pa zigamulo ziwirizi wakwatira akadali pa ukwati.

Za katundu ndi chithandizo zimamvedwa pambuyo pake, ndipo apa lamulo linalemba zoti khoti liyang'ane: zimene aliyense amapeza, zosowa zake, msinkhu, kutalika kwa ukwati, moyo umene banja linkakhala, ndi zimene aliyense anathandiza, kuphatikizapo kusamala pakhomo. Malire a zaka 3 aja kuno kulibe. Chitetezo chake nchokulirapo ndiponso chodziwikiratu, koma mtengo wake ndi mapepala a Chingerezi, nthawi yaitali, ndipo kawirikawiri loya. Amene alibe ndalama angapemphe thandizo ku bungwe la boma lothandiza anthu pa milandu, limene lili ndi ofesi mu Chipata.

Mphete ya ku tchalitchi ndi mapepala osokoneza

Gulu lalikulu la anthu osadziwa mbali imene ali ndi la okwatira ku tchalitchi. Ukwati wa m'tchalitchi umakhala wa Chaputala 50 pokhapokha ngati tchalitchicho ndi chololedwa kumangitsa maukwati, mbusa kapena wansembe ndi wovomerezeka, ndipo setifiketi ya Rejisitala kapena chilolezo chapadera chinaperekedwa ukwati usanachitike. Zikasowa zimenezi, chimene chinachitika ndi dalitso chabe pa ukwati wa mwambo. Mpingo ungaletse mitala ndi kudula munthu pa mgonero, koma khoti lidzaona ukwati wa mwambo, wololeza mitala, wothera ku Lokolo Khoti. Ndipo ngati ankhoswe sanachite mbali yawo, mwina palibe ukwati wa mtundu uliwonse.

Njira yodziwira ndi kutulutsa pepala lija m'sutikesi nkuliwerenga. Setifiketi ya boma imatchula Lamulo la Maukwati, ndipo kope lake limapezeka m'kaundula wa Rejisitala. Funsani kuti, kodi tinapita ku khonsolo masabata angapo tsiku la ukwati lisanafike, maina athu nkukhomedwa? Kulengeza m'tchalitchi masabata atatu si chinthu chomwecho. Palinso setifiketi ya ukwati imene Lokolo Khoti imapereka anthu akapita ndi achibale awo kukatsimikiza kuti anakwatirana pa mwambo. Ndi pepala lothandiza kwambiri, ndipo ndingalimbikitse banja lililonse la mwambo kulitenga ankhoswe akadali moyo, chifukwa limachotsa vuto la umboni lija ku penshoni, ku banki ndi ku khoti. Koma silisintha mtundu wa ukwati. Limangochitira umboni kuti ukwati wa mwambo ulipo.

Pamene makhoti sasiyanitsa

Pa ana, mitundu iwiriyi imakumana. Mwambo wa Chingoni umati malowolo akaperekedwa ana ndi a kuchimuna, wa Chichewa umati ndi a mbumba ya mayi ndi malume awo. Khoti lililonse liyenera kuika patsogolo ubwino wa mwana, mfundo imene Lamulo la Ana la 2022 linailimbitsa, ndipo udindo wosamalira mwana uli pa makolo onse awiri kaya anakwatirana motani, kaya sanakwatirane nkomwe. Pa msinkhu wokwatira, kale mwambo unkangoyang'ana ngati mtsikana watha msinkhu, ndipo lamulo lolembedwa silinkafika kumeneko. Kusintha kwa Lamulo la Maukwati kwa 2023 kunatseka mpata umenewo. Ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ngwopanda mphamvu, ngakhale utamangidwa pa mwambo makolo onse atavomera.

Pa imfa napo, lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo, Chaputala 59, limasamalira wamasiye wa mwambo ndi wa ku khonsolo mofanana. Wamasiye amalandira maperesenti 20, ana 50, makolo a malemu 20, ndipo amene ankadalira malemu 10. Nyumba imakhala ya wamasiye ndi ana, wamasiyeyo nkukhalamo moyo wake wonse kapena mpaka atakwatiwanso. Malo a mwambo ndi chuma cha ufumu sizilowa m'kugawa kumeneku.

Koma onani mmene mtundu wa ukwati umabwererera pakhomo lakumbuyo. Tinene kuti mphunzitsi uja wamwalira asanasudzulane ndi aliyense, atakhala ndi mkazi wa ku Chadiza zaka 2 ndi kubereka naye mwana mmodzi, ndipo kupatula nyumba wasiya K300,000. Gawo la wamasiye ndi K60,000, la ana ndi K150,000, la makolo K60,000, la odalira K30,000. Ngati ukwati woyamba unali wa mwambo, amasiye ndi awiri, ndipo K60,000 ija amagawana poyang'ana zaka zimene aliyense wakhala m'banja, komanso zinthu zina monga zimene anathandiza pa chumacho. Potengera zaka zokha, 16 kwa 2, mayi wa salaula angatenge pafupifupi K53,000, winayo pafupifupi K7,000. Ngati ukwati woyamba unali wa Chaputala 50, wamasiye ndi mmodzi, K60,000 yonse ndi ya mayi wa salaula, ndipo mkazi wa ku Chadiza alibe gawo la wamasiye ngakhale makolo ake analandira malowolo onse. Chimene angayese ndi kupempha kuti aonedwe ngati mmodzi wa odalira malemu, pa K30,000 ija, ndipo ayenera kusonyeza kuti ankakhala naye, ankasamalidwa ndi iye, ndiponso sangathe kudzisamalira mokwanira. Mwana wake yekha ndiye sakhudzidwa. Lamuloli limawerenga mwana wobadwira m'banja ndi wobadwira kunja mofanana, choncho ana anayi onse amagawana K150,000 ija, poyang'ana msinkhu wa aliyense ndi zosowa zake za sukulu.